Lesitilanti yodzaza, thumba lopanda kanthu: zimene lipoti la pamwezi limaulula

Lesitilanti ikhoza kudzaza masana alionse, mapoto n'kumapita kotsukidwa ali mbee, koma pofika pa 30 mwini wake n'kumakakongola ndalama zolipira antchito. Zikatero ambiri amathamangira kuloza chala wolandira ndalama kapena wophika. Nthawi zina amakhala kuti alasa, koma kawirikawiri yankho limakhala pa pepala limodzi limene akawuntanti amabweretsa kumayambiriro kwa mwezi, lija eni malo ambiri amangoliyang'ana mzere wapansi n'kuliponya m'dirowa. Pepalali ndi lipoti la phindu ndi kuluza. Pamwamba pake pamalembedwa ndalama zonse za malonda a mwezi umenewo, m'munsi mwake n'kumachotsedwa zimene zawonongedwa, mzere ndi mzere, mpaka kutsala phindu kapena chibowo.

Mizere imakhala yambiri: magetsi, madzi, gasi, makala, sopo, mafuta a jenereta, kukonzetsa firiji. Koma itatu ndiyo imanyamula gawo lalikulu la ndalama, ndipo ndi chakudya, antchito ndi lendi. Itatuyi ili ndi khalidwe losiyana. Chakudya chimayenda limodzi ndi malonda, chifukwa mbale zikachepa, ufa ndi nyama nazonso ziyenera kuchepa. Lendi sisuntha, kaya kubwere anthu 10 kaya 200. Malipiro a antchito ali pakati, amasuntha koma mochedwa, ndipo amasuntha pokhapokha wina atawasuntha. Wodziwa kusiyana kumeneku ndiye amatha kuona pamene ndalama zikudontha.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, tiyerekeze lesitilanti ya mipando 40 m'tauni, yokhala ndi antchito 15, yogulitsa nsima, mpunga ndi tchipisi. Manambala ake ndi ongofanizira, koma kawerengedwe kake ndi kamene kamagwira ntchito kulikonse. M'mwezi wa Meyi malonda anali K20,000,000. Chakudya chinadya K6,600,000, antchito K5,000,000, lendi K1,800,000, zina zonse K4,600,000, ndipo panatsala phindu la K2,000,000. Mu Juni malonda anatsika kufika K18,000,000. Chakudya chinadya K7,020,000, antchito K5,400,000, lendi inakhala yomweyo, zina zonse K4,140,000. Malowa analuza K360,000.

Mwini malo atha kunena kuti Juni kumazizira, anthu sanabwere, basi. N'zoona kuti malonda anatsika ndi K2,000,000. Koma phindu linatsika ndi K2,360,000, kuposa kutsika kwa malondawo, pamene mbale zosaphikidwa sizidya ufa. Pamenepa pali china choposa kuzizira.

Choyamba kuchita n'kusandutsa mzere uliwonse kukhala peresenti ya malonda. Amagawa ndalama za mzerewo ndi ndalama za malonda, n'kuchulukitsa ndi 100. Akatero, Meyi akuonetsa kuti pa K100 iliyonse yolowa, K33 inapita ku chakudya, K25 kwa antchito, K9 ku lendi. Juni akuonetsa K39, K30 ndi K10. Makwacha paokha amasocheretsa, makamaka m'dziko limene mitengo imasintha kawirikawiri. Kwacha ya Malawi itagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, manambala onse pa malipoti a mabizinesi anafufuma, malonda ndi zogula zomwe, moti kufananiza makwacha a chaka china ndi a chaka chinzake kunasiya kukhala ndi tanthauzo. Maperesenti ndi amene amafananizika.

Pali chinthu chimodzi choyenera kutsimikiza munthu asanayambe kugawa. Mzere wa malonda usakhale ndi msonkho wa VAT m'kati mwake. Ndalama imeneyo malo olembetsedwa amangoitolera kuti akaipereke ku MRA, si yawo. Ikasakanizidwa ndi malonda, nambala yapamwamba imakula, maperesenti onse n'kuoneka okongola kuposa mmene alili.

Mzere wa chakudya ndi umene umafuna kukhalira pansi. Ambiri amaganiza kuti nambala yake ndi ndalama zonse zimene zinapita kumsika mwezi umenewo. Ayi. Imene imafunika ndi mtengo wa chakudya chimene chinagwiritsidwadi ntchito, ndipo imapezeka chonchi: katundu amene anali m'sitolo ndi m'firiji pa 1, kuwonjezera zonse zogulidwa m'mwezimo, kuchotsapo katundu wotsala pa tsiku lomaliza. Lesitilanti yathu inayamba Juni ndi katundu wa K1,200,000, inagula wa K7,320,000, n'kutseka mwezi ili ndi wa K1,500,000. Zotsatira zake ndi K7,020,000 ija. Malo amene sawerenga katundu pakutha pa mwezi alibe nambala yodalirika. Akagula matumba 20 a mpunga pa 28, mwezi umenewo umaoneka woipa kwambiri ndipo wotsatira umaoneka wabwino modabwitsa, pamene kukhitchini sikunasinthe kanthu. Ndiye munthu akaona peresenti ya chakudya ikudumpha, mwezi uno 29, wamawa 41, winawo 30, ayambe wafunsa ngati sitoko imawerengedwa, ndi ndani, komanso tsiku liti. Ndi bwino kuti owerenga akhale awiri, ndipo mmodzi asakhale amene amasunga makiyi.

M'maiko amene malonda a zakudya analembedwa kwambiri, monga Amereka, alangizi a bizinesi amakonda kunena kuti chakudya chizidya pakati pa 28 ndi 35 peresenti ya malonda. Muyezo umenewu ndi wothandiza poyambira, koma sungagwire paliponse mofanana. Malo ogulitsa nsima pa mtengo wotsika kwa anthu ogwira ntchito m'tauni amawononga gawo lalikulu pa ndiwo kuposa malo a khofi ndi makeke. Muyezo weniweni wa lesitilanti iliyonse ndi miyezi yake yomwe ya m'mbuyo, ndi mtengo wa mbale zake ukawerengedwa bwinobwino.

Ku lesitilanti yathu, chakudya chikanakhala pa 33 peresenti ngati mu Meyi, Juni akanadya K5,940,000. Pali K1,080,000 yowonjezera imene iyenera kufufuzidwa. Lipoti limangonena kuti ndalamayo yapita. Kumene yapita kumapezeka potenga chinthu chimodzi chodula ndi chogulitsidwa kwambiri n'kuchitsatira kuyambira pa khomo la kukhitchini mpaka patebulo.

Pano chinthucho ndi nkhuku. Mbale ya nsima ya nkhuku imagulitsidwa K10,000. Mu Meyi nkhuku imodzi inkagulidwa K12,000 n'kudulidwa nthuli 6, kutanthauza K2,000 pa mbale. Ufa, mafuta ophikira, tomato, anyezi ndi masamba zimawonjezera K1,300. Mbale yonse ndi K3,300, ndiyo 33 peresenti ija. Mu Juni wobweretsa nkhuku anakweza mtengo kufika K13,500, koma mtengo wa pa bolodi sunasinthe. Pa nkhuku 200 zimene zinagulidwa, kukwera kumeneku kokha kunadya K300,000, ndipo palibe amene anaba kanthu. Izi zimaonekera pongoika malisiti a miyezi iwiriyi pafupi.

Kenako pamabwera kuwerenga nthuli. Nkhuku 200 zodulidwa pa 6 ziyenera kutulutsa nthuli 1,200. Tinene kuti mwezi unayamba m'firiji mulibe nkhuku. Buku la malonda likuonetsa mbale za nkhuku 950. Antchito anadya nthuli 60, zolembedwa. M'firiji mwatsala nkhuku 10, zomwe ndi nthuli 60. Zonse pamodzi ndi 1,070. Nthuli 130 sizikudziwika kumene zili, ndipo pa mtengo watsopano wa K2,250 iliyonse, imeneyo ndi K292,500. Nkhuku zokha zafotokoza kale kuposa theka la ndalama yosowa ija.

Nthuli 130 zikhoza kusowa m'njira zingapo, ndipo iliyonse ili ndi chizindikiro chake. Wophika watsopano, kapena wakale wa dzanja lolemera, akhoza kumadula nkhuku pa 5 m'malo mwa pa 6. Makasitomala amasangalala, koma mbale imene inkadya K3,300 tsopano ikudya K4,000. Izi zimadziwika poima kukhitchini m'mawa n'kuona mpeni ukugwira ntchito, kapena kuika nthuli zingapo pa sikelo. Magetsi akathima nthawi yaitali nyama n'kuyamba kununkha, imatayidwa, ndipo ngati palibe buku lolembamo zotayidwa, palibe amene adzakumbukire pakutha pa mwezi. Chakudya chophikidwa chambiri masana n'kutsala madzulo chimapitanso momwemo. Wobweretsa katundu akhoza kulemba nkhuku 50 pa lisiti atabweretsa 46, ngati wolandira sawerenga. Ndipo pali njira ina imene imapusitsa ambiri: mbale inaphikidwa, inadyedwa, kasitomala analipira, koma malondawo sanalembedwe, ndalama inalowa m'thumba la munthu. Kuba kotereku kumachitikira pa kauntala, koma pa lipoti kumaonekera pa mzere wa chakudya, chifukwa nyama yatha pamene malonda sanakwere. Ophika ambiri akalipiridwa pa mlandu umene sunali wawo chifukwa cha zimenezi. Njira yozindikirira n'kufananiza timapepala ta maoda tofika kukhitchini ndi malisiti a pa kauntala, tsiku ndi tsiku kwa sabata imodzi.

Sibwino kuthamangira kukweza mitengo ya pa bolodi kafukufukuyu asanachitike. Ngati vuto ndi mtengo wa nkhuku, kukweza mbale n'koyenera. Ngati vuto ndi mpeni kapena thumba la wina, kukweza mtengo kumangothamangitsa makasitomala, bowo lili pomwepo.

Mzere wa antchito uli ndi msampha wake. Malipiro a pamwezi okha sakwanira. Muyenera kulowa ovataimu, aganyu oitanidwa pa tsiku la phwando, ndi zonse zimene lamulo limauza wolemba ntchito kuti alipire. Ku Malawi zimenezi zikuphatikiza 10 peresenti ya malipiro imene bwana amasonkha ku penshoni ya wantchito, komanso 1 peresenti ya msonkho wa maphunziro a ntchito zamanja umene umathandiza bungwe la TEVETA. Mwini malo amene amakhala pa kauntala kuyambira m'mawa mpaka usiku ayeneranso kudzilembera malipiro pa mzere umenewu. Akapanda kutero, lipoti limaonetsa phindu limene kwenikweni ndi thukuta lake losalipidwa, ndipo tsiku limene adzadwale n'kulemba manijala, phindulo lidzazimirira.

Ku lesitilanti yathu antchito anachoka pa 25 kufika pa 30 peresenti. Kukwera kumeneku kuli ndi mbali ziwiri zimene ziyenera kulekanitsidwa. Malipiro akanakhala K5,000,000 yomwe ija, kuigawa ndi malonda a K18,000,000 kukanapereka pafupifupi 28 peresenti. Choncho mapointi atatu mwa asanuwo abwera chifukwa chakuti malonda anatsika antchito ali omwewo. Awiri otsalawo ndi K400,000 yatsopano, ndipo buku la malipiro likuonetsa kuti K250,000 ndi ovataimu, K150,000 ndi aganyu. Ovataimu kukwera m'mwezi umene makasitomala achepa ndi chizindikiro chakuti ndandanda ya mashifiti sikutsatira nthawi imene anthu amabwera. Lamulo la ntchito la Malawi la chaka cha 2000 limaika maola 48 pa sabata, ndipo ola la ovataimu wamba limalipidwa kamodzi ndi theka, pamene la pa tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma limalipidwa kawiri. Wantchito mmodzi akasiya ntchito, anzake n'kumagawana maola ake, bwana amaona ngati wapulumutsa malipiro a munthu mmodzi, chonsecho ola lililonse akuligula modula.

Pali nambala ina yosavuta imene lipoti silionetsa koma imathandiza kwambiri. Amatenga malonda a mwezi n'kugawa ndi maola onse amene antchito anagwira. Mu Meyi maola anali 3,200, ndiye ola lililonse linabweretsa K6,250. Mu Juni maola anakwera kufika 3,450, ola lililonse n'kubweretsa pafupifupi K5,200. Akaiwerenga tsiku ndi tsiku, kapena m'mawa payokha ndi masana payokha, imaloza pamene pali vuto. Nthawi zambiri zimapezeka kuti Lolemba madzulo operekera zakudya anayi akuyang'anizana ndi matebulo atatu, pamene Lachisanu masana awiri okha akuthamanga mpaka makasitomala ena kutopa n'kutuluka.

Apa m'pofunika kusamala, chifukwa mzere wa antchito ndi umene eni malo amaudula msanga mtima ukakhala m'mwamba, ndipo kumbuyo kwake kuli anthu okhala ndi mabanja. Kuchotsa munthu chifukwa cha mwezi umodzi wozizira ndi nkhanza, komanso n'kuluza. Wophika wodziwa ntchito akapita, wobwera m'malo mwake amapsereza, amadula molakwika, amataya, ndipo ndalama imene inapulumutsidwa pa mzere wa antchito imakatulukira pa mzere wa chakudya. N'chifukwa chake odziwa malondawa amaphatikiza mizere iwiriyi n'kuiyang'ana ngati nambala imodzi. Muyezo umene umatchulidwa kawirikawiri ndi wakuti chakudya ndi antchito pamodzi zisapitirire 60 mpaka 65 peresenti ya malonda. Lesitilanti yathu inali pa 58 mu Meyi ndipo inafika pa 69 mu Juni. Pa K100 iliyonse panatsala K31 yokha yolipirira lendi, magetsi, madzi, gasi ndi zina zonse, pamene zinthuzi zinkafuna K33.

Kuphatikizaku kumathandizanso poweruza zosintha za kukhitchini. Kugula mbatatesi zosendasenda kale kumakweza mzere wa chakudya koma kumachepetsa maola a osenda. Ngati nambala yophatikiza yatsika, ndiye kuti kusinthako kwapindula.

Lendi ndi mzere wofupika kuuwerenga koma wovuta kuukonza. Choyamba n'kuona ngati yalembedwa m'mwezi wake. Alandilodi ambiri amafuna lendi ya miyezi itatu nthawi imodzi. K5,400,000 yonseyo ikalembedwa mu Epulo, mwezi umenewo umaoneka ngati bizinesi yagwa, Meyi ndi Juni n'kuoneka ngati nyumbayo ndi yaulere. Pa lipoti iyenera kugawidwa K1,800,000 mwezi uliwonse, posatengera tsiku limene ndalama inatuluka. Chimodzimodzi inshuwalansi ndi ziphaso za ku khonsolo zolipidwa kamodzi pa chaka.

Muyezo wofala ndi wakuti lendi isapitirire 10 peresenti ya malonda, ndipo 6 mpaka 8 ndi pamene munthu amapuma bwino. Ya lesitilanti yathu inachoka pa 9 kufika pa 10 popanda landilodi kukweza tambala imodzi. Lendi ikakwera peresenti chonchi, uthenga wake ndi wakuti malonda achepa poyerekeza ndi kukula kwa nyumba. Mwezi umodzi siwoopsa. Koma ikakhala pa 13 kapena 15 kwa miyezi isanu ndi umodzi, palibe luso la kukhitchini limene lingatseke bowo limenelo, ndipo zotsala ndi kuwonjezera malonda pa nyumba yomweyo, monga kutsegula m'mawa kapena kuperekera zakudya m'maofesi, kukambirananso ndi landilodi, kapena kusamuka.

Landilodi akabwera ndi kalata yokweza lendi, lipoti lomweli limathandiza kuyankha ndi manambala. Tinene kuti akufuna K2,200,000, kuwonjezera K400,000. Mbale ya K10,000 imene chakudya chake chikudya K3,300 imasiya K6,700. Kuti K400,000 ipezeke pafunika mbale zowonjezera pafupifupi 60 pa mwezi, ziwiri pa tsiku, ndipo zimenezo n'zotheka. Koma kuti lendi yatsopanoyo ikhalebe pa 10 peresenti, malonda ayenera kufika K22,000,000, kutanthauza kuchoka pa mbale 60 pa tsiku za mu Juni kufika pa 73. Mwini malo amene amadziwa kuti ngakhale mu Meyi wabwino uja ankagulitsa 65 zokha, amapita kokambirana akudziwa pamene ayenera kuima.

Pali funso limene eni malo amafunsa kawirikawiri mu mwezi wabwino: ngati lipoti likuti phindu ndi K2,000,000, ndalamayo ili kuti? Phindu ndi ndalama ya ku banki ndi zinthu ziwiri. Firiji yatsopano yogulidwa ndi kashi silembedwa yonse m'mwezi umodzi, imagawidwa pa zaka zimene idzagwire ntchito. Pobweza ngongole ya ku banki, chiwongoladzanja chokha ndi chimene chimaoneka pa lipotili, thunthu la ngongole silioneka. Kampani imene inaoda chakudya cha msonkhano n'kulonjeza kulipira mwezi wamawa yawerengedwa kale pa malonda. Nazonso ndalama zimene mwini amatenga mu kabati kukalipira fizi ya ana sizichotsedwa pa mzere uliwonse. Zonsezi zimadya kashi phindu lili chilembedwere.

Chofooka chachikulu cha lipoti la pamwezi ndi kuchedwa. La Juni limafika pa 10 Julayi, nthawi zina mochedwerapo, mpeni uja utadula nkhuku pa 5 kwa masabata ena awiri. Malo oyendetsedwa mosamala sadikira akawuntanti pa mizere iwiri yosuntha ija. Lamlungu usiku akatseka, amawerenga zinthu zisanu kapena khumi zodula kwambiri, monga nkhuku, nyama ya ng'ombe, chambo, mafuta ophikira ndi mpunga, n'kuika pambali pake malonda a sabatayo ndi maola a antchito. Ntchitoyi imatenga ola limodzi kapena awiri. Ku lesitilanti yathu ikanaonetsa nthuli pafupifupi 30 zosowa pakutha pa sabata yoyamba ya Juni, ndipo mtengo watsopano wa nkhuku ukanaoneka pa lisiti loyamba lomwe, nthawi yosintha bolodi kapena kufunsa mtengo kwa woweta wina ikadalipo.